Intavyu ya ntchito ku Jeremani: mmene mungayankhire akakufunsani zomwe mumatha ndi zomwe zimakuvutani

Anthu ambiri amene akufuna kupita ku Jeremani kukaphunzira ntchito, makamaka za unesi kapena kusamalira okalamba, amalimbana kwambiri ndi satifiketi ya Chijeremani ya B1 kapena B2 ndi makalata, zomwe zili bwino ndithu, koma tsiku la intavyu likafika amakodwa pa mafunso awiri omwe aliyense amadziwa kuti abwera. Loyamba ndi "Was sind Ihre Stärken?" kutanthauza kuti ndi zinthu ziti zomwe inu mumachita bwino, lachiwiri ndi "Was sind Ihre Schwächen?" kutanthauza kuti nanga ndi pati pomwe muli ofooka. Ine chomwe ndikufuna mutengepo apa ndi chimodzi basi: anthu akukufunsaniwo sakufuna mndandanda wa mawu okoma onena za khalidwe lanu, akufuna khalidwe limodzi ndi nkhani yeniyeni yosonyeza kuti nzoona, yonenedwa mu ziganizo zifupizifupi zomwe pakamwa panu pangakwanitse popanda kupunthwa. Tiyeni tizipange pang'onopang'ono.

Kuti zimveke bwino titenge munthu mmodzi wongoyerekeza. Ndi mtsikana wa zaka 24, analemba MSCE, wagwirako ntchito zaka 2 pa famase ina mtauni, anakhalaponso gadiyani wa agogo ake omwe anachita sitiroko, ndipo pano akufunsira malo a maphunziro a unesi aja a zaka 3 omwe kumeneko amati Ausbildung zur Pflegefachfrau, omwe umaphunzira uku ukugwira ntchito mu wodi ndipo umalandira malipiro. Chipatala chamuitana pa intavyu ya pa vidiyo. Kutsogolo kwake kukhala mwina anthu awiri, mkulu wa manesi yemwe amatchedwa Pflegedienstleitung ndi wina wochokera ku sukulu kapena ku ofesi yolemba anthu ntchito.

Yambani ndi kudziwa funso likabwera litavala zovala zina

Si nthawi zonse adzakufunsani ndi mawu a Stärken ndi Schwächen enieniwo. Ofunsa ambiri masiku ano amadziwa kuti aliyense analoweza yankho, ndiye amalitembenuza. Akati "Wie würden Ihre Kollegen Sie beschreiben?" akufunsa kuti anzanu akuntchito angakufotokozeni bwanji, koma ndi funso lomwe lija la zomwe mumatha. Akati "Warum sollten wir uns für Sie entscheiden?", chifukwa chani tisankhe inuyo, ndi lomwelonso. Mbali ya zofooka imabwera ngati "Woran möchten Sie noch arbeiten?", ndi pati pomwe mukufuna kudzikonzabe, kapena "Was fällt Ihnen schwer?", chimakuvutani nchiyani, nthawi zinanso "Wie gehen Sie mit Kritik um?", mumatani munthu akakudzudzulani. Mafunso amenewa muwamvetsere mobwerezabwereza mpaka khutu lizolowere, chifukwa pa vidiyo netiweki ikamadukaduka mumangomva theka la chiganizo, ndipo mukamva schwer kapena arbeiten an mudziwe kale mbali yomwe mukulowera.

Ngati simunamve, osayankha mongoganizira. Nenani kuti "Entschuldigung, die Verbindung war kurz weg. Könnten Sie die Frage bitte wiederholen?" kutanthauza kuti pepani netiweki inaduka pang'ono, mungabwereze funsolo. Palibe amene angakuchotsereni malikisi pa chimenechi, ndipo pa ntchito ya unesi munthu wofunsa asanachite chinthu ndi amene amamufuna.

Kusankha zomwe mumatha: werengani kaye zomwe iwo analemba

Musanaganize za inuyo, tsegulaninso chilengezo cha ntchito chija. Pamakhala gawo lolembedwa kuti "Ihr Profil" kapena "Das bringen Sie mit", ndipo pamenepo analemba okha mtundu wa munthu amene akumufuna. Pa za unesi mudzaona mawu ngati Zuverlässigkeit, kudalirika, Einfühlungsvermögen, kutha kumva mmene mnzako akumvera, Teamfähigkeit, kugwira ntchito ndi anzako, ndi Belastbarkeit, kupirira ntchito ikachuluka. Sankhanipo awiri, atatu ndiye malire, ndipo musankhe okhawo omwe muli ndi nkhani yake yeniyeni. Ngati mawu akukusangalatsani koma mukafufuza m'moyo wanu simukupeza tsiku lomwe munaonetsa khalidwe limenelo, asiyeni.

Apa mpomwe ife timavutika chifukwa cha mmene tinaleredwera. Kwathu munthu wamakhalidwe sadzitama, akakuyamikira umati "aa ayi timangoyesera", ndipo kuyang'ana wamkulu m'maso nthawi yaitali ena amakuona ngati mwano. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikuti muutaye, koma Mjeremani yemwe akukufunsani amatenga mawu anu mmene mwawanenera. Mukati mumangoyesera, iye amalemba kuti munthuyu sakudziwa ngati amatha. Komanso mukapita mbali inayo, nkumati ndine katswiri, palibe wondiposa, ndidzagwira usana ndi usiku, amakukayikirani chifukwa kumeneko kudzikweza kopanda umboni sikuwasangalatsa olo pang'ono. Njira yapakati ndi kunena zomwe zinachitika basi. Simukudzitama, mukufotokoza zomwe munachita, ndipo iwo aweruza okha.

Kamangidwe ka yankho

Yankho lililonse la Stärke likhale ndi zigawo zinayi zotsatana: tchulani khalidwe, nenani komwe munalionetsa, nenani zomwe inuyo munachita ndi zotsatira zake, kenako lumikizani ndi ntchito yomwe mukufunsirayi. Mtsikana wathu uja poyamba analemba chonchi: "Ich bin fleißig, pünktlich, ehrlich, freundlich und teamfähig." Galamala yake ndi yolondola, koma yankho limeneli ndi lakufa, chifukwa anthu onse omwe anafunsidwa iye asanalowe ananena zomwezo, ndipo palibe chomwe wofunsa angakumbukire. Taonani litakonzedwa:

"Eine meiner Stärken ist, dass ich auch unter Druck ruhig bleibe. Ich habe zwei Jahre in einer Apotheke gearbeitet. Am Monatsende war es dort oft sehr voll, und manche Kunden wurden laut. Ich habe dann zuerst zugehört und danach erklärt, was ich für sie tun kann. Meistens hat sich die Lage schnell beruhigt. Ich denke, das hilft mir auch auf Station."

M'Chichewa akunena kuti chimodzi mwa zomwe ndimatha ndi kukhala wodekha zinthu zikavuta, ndinagwira zaka 2 pa famase, kumapeto kwa mwezi kumadzaza ndipo makasitomala ena amakweza mawu, ine ndimayamba ndamvetsera kenako nkufotokoza zomwe ndingawachitire, nthawi zambiri zinthu zimaphwa msanga, ndipo ndikuganiza kuti zimenezi zindithandizanso mu wodi. Ziganizo 6 zokha, kuyankhula kwake sikufika olo mphindi imodzi. Onaninso mawu oti meistens, nthawi zambiri. Sananene immer, nthawi zonse, chifukwa palibe munthu amene amatontholetsa kasitomala aliyense, ndipo kachilungamo kakang'ono kameneka ndi komwe kamapangitsa kuti nkhani yonse ikhulupirike.

Stärke yachiwiri ayitenge pa ugadiyani uja, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa ambiri amaubisa poganiza kuti si ntchito yeniyeni popeza panalibe malipiro kapena satifiketi. Munthu amene wagonapo pansi pa bedi la wodwala m'chipatala cha boma, kumusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumudyetsa phala, kuthamangira nesi usiku, ameneyo wakhudza kale zinthu zomwe ana asukulu ambiri a ku Jeremani ofunsira malo omwewo sanazionepo. Kumeneko ntchito zimenezi m'chipatala amagwira ndi manesi ndi owathandiza, achibale amangobwera kudzazonda, ndiye muyenera kufotokoza pang'ono kuti amvetse:

"Außerdem bin ich zuverlässig. Meine Großmutter hatte einen Schlaganfall, und ich habe sie acht Monate lang gepflegt. Bei uns übernimmt die Familie auch im Krankenhaus einen großen Teil der Pflege. Ich habe sie gewaschen, gelagert und auf ihre Medikamente geachtet. In der ganzen Zeit hat sie keinen Kontrolltermin verpasst."

Apa akuti komanso ndine wodalirika, agogo anachita sitiroko ndipo ndinawasamalira miyezi 8, kwathu achibale ndi amene amagwira mbali yaikulu ya chisamaliro olo m'chipatala, ndinkawasambitsa, kuwagoneka ndi kuwatembenuza, kuonetsetsa za mankhwala awo, ndipo nthawi yonseyo sanaphonye tsiku lokaonana ndi adokotala. Mawu oti gelagert ndi amene manesi amagwiritsa ntchito okhaokha ponena za kugoneka wodwala moyenera, ndiye mkulu wa manesi akawamva amadziwa kuti munthuyu wayamba kale kuphunzira chiyankhulo cha mu wodi. Koma chenjezo ndi loti ikani zanu zenizeni, miyezi yanu, zomwe inuyo munachita. Osakopera nkhani ya agogo ngati simunasamalirepo munthu, chifukwa funso lotsatira lidzakhala loti chinakuvutani kwambiri nchiyani pa nthawiyo, ndipo bodza m'chiyankhulo chachilendo silitenga masekondi 10 lisanagwe.

Tsopano funso loopsa lija

Pa zofooka pali mayankho atatu omwe muyenera kuwapewa. Loyamba ndi "Ich habe keine Schwächen", ndilibe chofooka, lomwe limangosonyeza kuti simunadziyang'anepo. Lachiwiri ndi kudziyamikira mobisa, monga "Ich bin Perfektionistin" kapena "Ich arbeite zu viel", zoti ndimafuna zinthu zolongosoka kwambiri kapena ndimagwira ntchito mopyola. Amenewa anali m'mabuku a malangizo kalekale ndipo aliyense wolemba anthu ntchito anawamva mpaka kutopa nawo, "Ich bin ungeduldig" lilinso gulu lomwelo, ndipo pa ntchito yosamalira okalamba kunena kuti ndinu wosaleza mtima ndi kudzitchera msampha nokha. Lachitatu ndi chilungamo chodzipha nacho, monga kunena kuti mumachedwa m'mawa, mumaiwala zinthu, kapena mumanyansidwa ndi magazi. Shifiti ya m'mawa m'zipatala zambiri imayamba cha m'ma 6 koloko ndipo a usiku sangachoke asanapereke malipoti a odwala kwa inu, ndiye kuchedwa si kanthu kakang'ono kumeneko.

Chofooka chabwino kunena ndi chomwe chili choona, chomwe sichikuphwanya mtima wa ntchitoyo, ndipo mwayamba kale kuchikonza ndi njira yomwe mungathe kuitchula. Yankho lake likhale ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena vutolo, zotsalazo zonse zikhale zomwe mukuchitapo. Mtsikana wathu anasankha chomwe ndikuona kuti ambiri a ife tili nacho:

"Es fällt mir manchmal noch schwer, Vorgesetzten zu widersprechen oder sofort nachzufragen. Bei uns gilt das schnell als unhöflich. Ich weiß aber, dass das in der Pflege gefährlich sein kann. Deshalb wiederhole ich Anweisungen jetzt mit eigenen Worten und frage nach, wenn etwas unklar ist. Im Deutschkurs stelle ich in jeder Stunde mindestens eine Frage. Es klappt noch nicht immer, aber schon deutlich besser als früher."

Tanthauzo lake: nthawi zina zimandivutabe kutsutsana ndi akuluakulu kapena kufunsa pompopompo, kwathu zimenezi zimaoneka ngati kupanda ulemu, koma ndikudziwa kuti pa unesi zikhoza kukhala zoopsa, nchifukwa chake pano ndikauzidwa chochita ndimachibwereza m'mawu anga ndipo ndimafunsa ngati china sichikumveka, mu kalasi ya Chijeremani ndimafunsa funso olo limodzi phunziro lililonse, sizinafike poti zimatheka nthawi zonse koma zasintha kwambiri.

Ena adzati yankho limeneli ndi loopsa chifukwa nesi wosafunsa akhoza kupereka mankhwala olakwika, ndipo akunena zoona, likhoza kukuvulazani ngati mwaima pa chiganizo choyamba. Koma zipatala zomwe zimalemba anthu ochokera kunja zimalidziwa kale vutoli, zaonapo anthu ambiri ovomera ja, ja pomwe sanamve, ndiye munthu amene walitchula yekha nkusonyeza njira yake amawapatsa mtendere kuposa amene akumwetulira nkumati zonse zili bwino. Ine ndingalisankhe, bola chikhale choona kwa inu ndipo zoti mumafunsa mu kalasi zikhale zochitikadi. Musachedwenso pa chiganizo cha "Bei uns", chikhale chimodzi chokha. Mukayamba kufotokoza chikhalidwe chathu kwa mphindi ziwiri zimamveka ngati mukukankhira vuto kwa makolo anu, pomwe iwo akufuna amve kuti mwalitenga ngati lanu.

Nanga kunena kuti chofooka changa ndi Chijeremani? Zimatheka, koma osangoti "Mein Deutsch ist schlecht", chifukwa mukuwauza kuti satifiketi yanu ndi yopanda pake, komanso iwo akumva okha mmene mukuyankhulira. Dulani vutolo likhale laling'ono ndi lodziwika malo ake: "Am Telefon verstehe ich noch nicht alles, besonders wenn jemand schnell oder Dialekt spricht. Deshalb höre ich jeden Tag eine halbe Stunde deutsches Radio." Apa mwati pa foni sindimva zonse makamaka munthu akamathamanga kapena akamayankhula Chijeremani cha kwawo, ndiye ndimamvera wailesi theka la ola tsiku lililonse. Zili ndi nzeru chifukwa okalamba a ku Bayern kapena ku Sachsen sayankhula ngati mawu a pa mayeso aja. Komabe ambiri ofunsa adzati "Und abgesehen von der Sprache?", kupatula chiyankhulo nanga, ndiye khalani ndi chofooka chachiwiri chokhudza khalidwe lanu m'thumba. Ziwiri ndi zokwanira. Akakakamira chachitatu mukhoza kunena modekha kuti "Das sind die beiden Punkte, an denen ich im Moment arbeite", izi ndi mfundo ziwiri zomwe ndikulimbana nazo panopa, nkukhala chete.

Kuti zimveke zosalala pakamwa

Ambiri amaganiza kuti Chijeremani chapamwamba ndi cha ziganizo zazitali zodzadza ndi mawu ovuta, ndiye amalemba yankho ngati kalata ya ku ofesi nkuliloweza. Zotsatira zake pakati pa chiganizo amaiwala mneni yemwe amayenera kubwera kumapeto, amabwerera koyambirira, thukuta kuyamba. Poyankhula, olo Ajeremani ophunzira amagwiritsa ziganizo zifupi. Kusalala kumachokera pa tinthu tochepa tomwe mukatigwira bwino mumamveka ngati munthu wokhwima.

Choyamba ndi Sie kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi Frau kapena Herr kutsatana ndi dzina la bambo awo, osati dzina loyamba. Kwa ife sizovuta kumva chifukwa ndi mmene timanenera inu kwa munthu wamkulu, vuto limangokhala loti mu kalasi ndi pa foni ndi anzathu tinazolowera du ndiye limatuluka lokha. Makampani ena atsopano amayamba okha kukuitanani du, pamenepo tsatirani, koma musayambe ndinu.

Chachiwiri, nkhani zakale muzinene ndi habe kapena bin ndi mneni kumapeto, monga "ich habe gearbeitet", "ich habe gelernt", ndi momwe anthu amayankhulira. War ndi hatte ndi ena mwa aneni ochepa omwe amamveka bwino poyankhula mu mtundu wina uja wa nthawi yakale wa m'mabuku. Chachitatu ndi malo a mneni, pomwe anthu a B1 amagwa kwambiri. Mukayamba ndi weil kapena dass mneni amapita kumapeto: "weil ich gern mit Menschen arbeite". Mukayamba ndi deshalb, außerdem kapena inzwischen mneni amabwera pompo kenako ich: "Deshalb frage ich nach", osati "Deshalb ich frage nach". Ngati weil amakupunthwitsani mukakhala ndi mantha, gwiritsani denn, yemwe tanthauzo lake ndi lomwelo koma sasuntha kanthu: "denn ich arbeite gern mit Menschen". Ndi kanjira kachidule kololedwa ndipo kamamveka kaulemu.

Ndiye pali timawu tofewetsa. Pa zofooka manchmal ndi noch ndi anzanu, makamaka noch chifukwa amasonyeza kuti vutolo lili pa ulendo wotha: "Das fällt mir noch schwer." Kumbukirani kuti ndi mir osati ich. Koma pa zomwe mumatha chotsani zofewetsa zonse. "Ich glaube, ich bin vielleicht ein bisschen zuverlässig" ndi kuja kwa timangoyesera kutavala Chijeremani. Nenani "Ich bin zuverlässig" nkupereka umboni. Ngati pakamwa pakukanabe kudzitchula nokha, bwerekani pakamwa pa wina: "Meine Chefin hat mir oft gesagt, dass man sich auf mich verlassen kann", abwana anga ankandiuza kawirikawiri kuti munthu akhoza kundidalira. Zimenezi nzololedwa, ndipo zimayenda bwino kwambiri ngati kalata yomwe abwanawo anakulemberani ikunenanso zofanana, poti ku Jeremani makalata a umboni ochokera kwa olemba ntchito akale amawawerengadi.

Amene munaphunzira Chingerezi kaye samalani ndi mawu awiri. Sensibel m'Chijeremani ndi munthu wosachedwa kukhudzidwa mumtima, si munthu woganiza bwino, ameneyo ndi vernünftig. Ndipo eventuell ndi mwina, osati pamapeto pake, ndiye mukati eventuell mudzaphunzira chinthu mwawauza kuti kaya.

Mukafuna kaye kuganiza, musadzaze mpata ndi eee kapena mawu a Chingerezi. "Da muss ich kurz überlegen", ndiganize kaye pang'ono, ndi chiganizo chabwinobwino, kenako khalani chete masekondi awiri atatu. Mukalakwitsa der ndi die pitirizani, osapepesa. Mukalakwitsa zomwe zasintha tanthauzo nenani "besser gesagt" nkukonza.

Katchulidwe

Mawu omwe muwatchule ndithu ndi ochepa ndiye akonzeni amenewo. St ndi sp koyambirira kwa mawu zimamveka ngati sht ndi shp, ndiye Stärke imayamba ndi sh. W amamveka ngati v wathu, z ndi ts yemwe tili naye kale mu tsiku ndi tsamba, ndiye zuverlässig imayamba ngati tsu, ndipo v wa pakatiyo amamveka f. Pf wa mu Pflege ndi uja agogo ena amatchula akamati pfupa. Zomwe zimatigwira ife ndi ziwiri. China ndi l ndi r, omwe m'Chichewa timawasinthanitsa popanda vuto koma kumeneko amasintha mawu, ndiye lernen, ruhig, gelagert ndi verlassen muziyeseze pang'onopang'ono. China ndi kuwonjezera i kapena u kumapeto kwa mawu chifukwa mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, Druck nkukhala druku, Arbeit nkukhala arubaiti. Dzijambuleni pa foni mumve nokha, mudzadabwa kuti mumachita pomwe mumaganiza kuti simuchita. Kamvekedwe ka kwathu sikoyenera kuchita nako manyazi ndipo palibe akuyembekezera kuti mumveke ngati wobadwira ku Hannover, chofunika nchoti mawu athere pomwe akuthera.

Kuyeseza kwake

Lembani mayankho anayi, awiri a zomwe mumatha ndi awiri a zofooka, lililonse ziganizo 5 kapena 6. Apatseni aphunzitsi anu kapena wina wodziwa bwino akonze galamala musanayambe kuloweza, chifukwa cholakwika chikalowa pakamwa kuchichotsa nkovuta. Awerengeni mokweza masiku angapo, kenako bisani pepalalo nkulemba pa kakhadi mawu atatu okha pa yankho lililonse, monga ruhig, Apotheke, Monatsende. Kuyambira pamenepo muziyankhula mukuyang'ana mawu atatuwo basi, ndipo tsiku lililonse yankho lizituluka mosiyanako pang'ono, zimenezo ndiye zabwino. Chizindikiro choti mwaloweza mopyola ndi ichi: wina akakudulani pakati simutha kupitiriza pomwe munasiyira, mumayambiranso. Chinanso ndi liwiro, pa mafunso ena onse mumayankhula mwapang'onopang'ono ngati munthu wa B1 koma pa ili mukuthamanga ngati mwana wonena ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu, ndipo ofunsa amazindikira nthawi yomweyo.

Ndiye pezani mnzanu akhale ngati mkulu wa manesi uja, azikufunsani mosatsata dongosolo komanso azikudulani ndi mafunso otsatira, chifukwa kumeneko nkomwe intavyu yeniyeni imachitikira. Atatu omwe amabwera kawirikawiri ndi "Haben Sie dafür ein Beispiel?", muli ndi chitsanzo, "Was haben Sie daraus gelernt?", munaphunzirapo chiyani, ndi "Wann ist Ihnen das zuletzt passiert?", zinakuchitikirani liti komaliza. Lomalizali ndi lomwe limagwetsa anthu pa zofooka. Mtsikana wathu ayenera kukhala ndi tsiku lenileni, mwachitsanzo tsiku lomwe abwana ake anamuuza dzina la mankhwala oti akatenge ku sitolo, iye sanamve bwino koma anavomera, nkubweretsa ena, abwana nkuona asanaperekedwe kwa kasitomala, ndipo kuyambira pamenepo amabwereza dzinalo mokweza asananyamuke. "Seitdem wiederhole ich den Namen immer laut." Kankhani kotere kamatseka funso, safunsanso.

Pa vidiyo yang'anani mu kamera osati pa nkhope yanu, ndi momwe iwo amaonera kuti mukuwayang'ana m'maso, makamaka pa nthawi yonena chofooka pomwe mutu umafuna kuwerama wokha. Kakhadi kaja kamateni pafupi ndi kamera, koma pepala la mayankho onse lisakhale pa tebulo chifukwa maso owerenga amaoneka. Onetsetsaninso nthawi: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Jeremani ndi ya ku Malawi ndi yofanana, miyezi inayo iwo amakhala kumbuyo ndi ola limodzi, ndiye 10 koloko yawo mu Januwale ndi 11 koloko yathu. Foni kapena laputopu ikhale yodzadza moto ndi bandulo yokwanira poti magetsi mukuwadziwa, ndipo lowani mphindi 5 nthawi isanakwane makamaka ngati mukufuna kukanena kuti ndinu zuverlässig.

Chomaliza chokhudza zofooka: matenda, mimba kapena mapulani a banja si Schwäche ndipo musazipereke nokha poganiza kuti mukuonetsa chilungamo. Ku Jeremani kuli lamulo loletsa tsankho pa ntchito la mu 2006, lodziwika ndi zilembo zoti AGG, ndipo funso loti muli ndi pakati kapena mukufuna kubereka liti ndi losaloledwa pa intavyu. Za thanzi angafunse zokhazo zokhudza ngati mungathe kugwira ntchitoyo, ndipo pa maphunziro a unesi zimenezo zimadzera mu kalata ya dokotala yomwe amaipempha padera. Wina akafunsa zotere mosayenera mukhoza kuyankha mwaulemu kuti "Darüber möchte ich nicht sprechen, aber zu meiner Arbeit beantworte ich gern jede Frage", zimenezo sindikufuna kukambapo koma za ntchito yanga ndiyankha funso lililonse, kenako dikirani funso lotsatira.